Madzi a pinki pa foni zakale: sinthani sheda, tekisichala isiyeni

“Anzanga, ndili kuno ku Luchenza, ndikupanga kagemu kothyola tiyi mu Unity 2021.3, ndipo ndili pa Built-in. Pa laputopu ndi pa foni yanga zonse zili bwinobwino, koma pa foni yakale ya msuweni wanga mtsinje wonse ukuoneka pinki, ndipo nthawi zina gemu imangotseka tikafika kufakitale. Sheda ya madziyo ndinachita kutenga yaulere. Tekisichala ndasintha katatu koma palibe chasintha. Nditani?”

Achimwene, tekisichalayo isiyeni kaye, ilibe mlandu. Pinki ameneyo sachokera m'chithunzi chilichonse cha m'gemu mwanu. Ndi utoto umene Unity imapaka dala pa chinthu ikalephera kupeza sheda yoti foniyo ingathe kuiyendetsa. Tekisichala ikasowa, chinthu chimaoneka choyera kapena chakuda, osati pinki. Ndiye mungasinthe chithunzi cha madzicho kakhumi, mtsinje ukhalabe momwemo.

Zinandichitikirapo ndili kuno ku Chitakale. Ndinkapanga kagemu kokwera phiri la Mulanje kuyambira ku Likhubula, ndipo mathithi a pa Dziwe la Nkhalamba ndinawakonza sabata yathunthu. Tsiku loyesa ndinabwereka foni ya mphwanga, ija ya batire lochotsa, galasi losweka pakona. Miyala inaoneka, mitengo inaoneka, koma dziwe lonse linali ngati mwathiridwa penti. Ndinataya masiku awiri ndikulimbana ndi zithunzi ngati inuyo, pamene foniyo inali ikunena vuto lake poyera, kungoti sindinkaiwerenga.

Choyamba muifunse foni ya msuweni wanuyo. Tsegulani USB debugging, ilumikizeni ku laputopu ndi chingwe, kenako lembani izi:

```
adb shell "dumpsys SurfaceFlinger | grep GLES"
adb logcat -s Unity
```

Mzere woyambawo ukuuzani dzina la GPU, kachipangizo kamene kamajambula zithunzi m'fonimo, ndi mtundu wa OpenGL ES umene kamamva. Ndikukayikira kwambiri kuti muona Mali-400 MP ndi OpenGL ES 2.0. Foni zambiri zotchipa zimene zinadzaza m'misika yathu zili ndi chipu ngati MT6580 cha MediaTek, ndipo GPU yake ndi Mali-400 yomweyo, imene imathera pa 2.0 basi. Palibe apudeti imene ingaikweze kufika pa 3.0, chifukwa malirewo ali m'chitsulo chenichenicho. Mzere wachiwiriwo muusiye ukuyenda, mutsegule gemu mpaka mufike pamtsinje, ndipo muyang'ane mawu onga awa:

```
WARNING: Shader Unsupported: 'Custom/Water' - All subshaders removed
```

Mukawaona, mlandu watha. M'fayilo ya sheda mumakhala chigawo chimodzi kapena zingapo zotchedwa `SubShader`. Gemu ikayamba, Unity imayesa chigawo choyamba, ikaona kuti GPU singachikwanitse imachitaya n'kuyesa chotsatira, kenako imayesa sheda yolembedwa pa `Fallback` kumapeto. Zonse zikakanika, ndi pamene pinki amabwera. Masheda ambiri aulere ali ndi chigawo chimodzi chokha, cholembedwa ndi munthu amene amayesera pa kompyuta yamphamvu, ndipo kumapeto kulibe `Fallback` aliyense.

Tsegulani fayilo ya madziyo mufufuze mzere wa `#pragma target`. Nambala ili pamenepo ndiyo imanena kuti shedayo ikufuna GPU yotani. Ikakhala 3.5 ikufuna OpenGL ES 3.0, ikakhala 4.5 ikufuna 3.1. Mzerewo ukapanda kulembedwa, Unity imatenga 2.5. Yanga inali 3.5, ndipo Mali-400 inaikana isanaiyang'ane n'komwe. Muonenso ngati pali mzere wa `only_renderers` umene wasiya `gles`, kapena wa `exclude_renderers` umene watchula `gles`, chifukwa zimenezonso zimatsekera foni za 2.0 kunja.

Apa ndi pamene anthu ambiri amapsa. Amangofufuta 3.5 n'kulemba 2.0, kuganiza kuti zatheka. Wolemba sheda uja sanaike nambalayo mwangozi. Madzi ambiri amapanga mafunde powerenga tekisichala m'gawo la `vert` ndi `tex2Dlod`, kuti nsonga za meshi zizikwera ndi kutsika. Mali-400 sitha kuwerenga tekisichala m'gawo limenelo ngakhale pang'ono. Mukatsitsa nambala osachotsa ntchitoyo, mwangoinamiza Unity kuti ipereke kwa foni katundu amene singanyamule, ndipo vuto lidzatulukira pena.

Chimene ndikukulangizani n'chakuti chigawo chokongolacho muchisiye momwe chilili, foni zatsopano zipitirize kusangalala nacho, ndipo pansi pake mulembe chachiwiri chopepuka:

```
SubShader { Pass { CGPROGRAM
    #pragma target 3.5
    // madzi okongola aja
ENDCG } }
SubShader { Pass { CGPROGRAM
    #pragma target 2.0
    // madzi opepuka
ENDCG } }
Fallback "Unlit/Transparent"
```

Cholemeracho chizikhala pamwamba, chifukwa Unity imatenga choyamba chimene chatheka. M'chigawo chopepukacho musafune zambiri. Tekisichala imodzi ya madzi yoyenda pang'onopang'ono, mtundu umodzi wobiriwirako, ndi kuonekera pang'ono kwa pansi, zakwana. Mukope `Tags` ndi `Blend` kuchokera m'chigawo chapamwamba kuti madziwo akhalebe oonekera. Mafunde ngati mukuwafunabe, apangeni ndi `sin` m'gawo la `vert`, osawerenga chithunzi. Pa sikirini yaing'ono ngati imeneyo palibe amene angadandaule kuti thovu la m'mphepete lasowa. Ine nditatero, mphwanga anangoti, “Eya, tsopano ndi dziwe,” n'kupitiriza kukwera phiri.

`Fallback` yekha akhozanso kuchotsa pinki lero lomwe, ngati mukufuna kuonetsa anthu gemu mawa. Koma samalani ndi mayina. Sheda ya `Unlit/Transparent` imafunafuna tekisichala yotchedwa `_MainTex`. Ngati sheda yanu inaitcha `_WaterTex`, pinki achoka koma mtsinje usanduka woyera mbee, ndipo muyambanso kukayikira chithunzi chosalakwa chija.

Pali chinthu china chimene chinandizunguza mutu nditachotsa kale pinki, ndipo ndikufuna muchidziwiretu. Madzi ankayenda bwino poyamba, koma pakapita mphindi zingapo ankayamba kudumphadumpha, kenako n'kuoneka ngati timabokosi. Chifukwa chake n'chakuti m'gawo la `frag`, Mali-400 imawerengera ndi manambala a mabiti 16 okha, ngakhale inu mutalemba `float`. Manambala oterowo akamakula amataya tizigawo ting'onoting'ono. Ine ndinkayendetsa madzi powonjezera `_Time.y * 0.05` pa UV m'gawo la `frag`. Pakatha mphindi 10, amenewo ndi masekondi 600, ndipo kuchulukitsa ndi 0.05 kumapereka 30. Pakati pa 16 ndi 32, nambala ya mabiti 16 imadumpha ndi gawo limodzi mwa magawo 64. Pa tekisichala ya mapikiselo 512, kudumpha kumodzi koteroko ndi mapikiselo 8. N'chifukwa chake madziwo ankaoneka ngati akutsimphina. Mankhwala ake ndi kusamutsira kuwerengerako m'gawo la `vert`, kumene GPU yomweyo ili ndi mabiti 32, ndi kudula nambalayo kuti isapitirire 1:

```
o.uv = v.uv + frac(_Time.y * 0.05);
```

Tekisichalayo ikhale pa Repeat kuti pobwerera pa 0 pasaoneke msoko. Ndipo poyesa musangotsegula gemu n'kuitseka. Isiyeni foniyo patebulo pamtsinje pomwepo mphindi 15, mukamwe tiyi, mubwere mudzaone.

Ngati zinthu za m'gemu mwanu zimachokera mu AssetBundle, muwamangenso onse mukasintha sheda kapena mndandanda wa Graphics APIs mu Player Settings. Bandulo imasunga sheda momwe inalili tsiku limene inamangidwa, ndiye yakale ipitiriza kupereka pinki ngakhale pulojekiti yakonzeka. Koma mukadzaona pinki pa foni zonse, zatsopano ndi zakale zomwe, imeneyo ndi nkhani ina: kawirikawiri shedayo sinalowe n'komwe mu APK chifukwa mumaiitana ndi `Shader.Find` yokha, ndipo imafunika kuikidwa pa Always Included Shaders.

Tsopano za kutseka kwa gemu kufakitale. Pamenepo ndiye tekisichala ndikuikayikira. Mali-400 imamva ETC1, koma simva ETC2 kapena ASTC. Unity ikapeza chithunzi chopanikizidwa mu mtundu umene foni simva, imachimasula chonse n'kuchiika m'memore chili chosapanikiza. Chithunzi cha 2048 kwa 2048 mu ETC1 chimatenga 2 MB. Chomwecho chikamasulidwa, pikiselo iliyonse imadya mabaiti 4, ndipo chimafika 16 MB, kapena pafupifupi 21 MB pamodzi ndi mamipimapu. Fakitale ikakhala ndi zithunzi 12 zotero, mwadya pafupifupi 250 MB pa foni ya 1 GB imene Android yadyapo kale gawo lalikulu. Foni siichenjeza, imangoipha gemuyo. Mu logcat momwemo fufuzani mawu akuti `decompressing texture`, akuuzani ngati ndi zimenezi.

Zithunzi zosafuna kuonekera, monga makoma, njerwa, malata ndi dothi, ziikeni pa RGB Compressed ETC 4 bits m'gawo la Android la chithunzicho, ndipo Max Size muitsitse pa 1024, mwinanso 512. Vuto la ETC1 n'lakuti ilibe alufa, ndiye masamba a tiyi ndi mabatani sangalowe mwachindunji. Kwa masipuraiti pali Split Alpha Channel. Kwa zina, mu Build Settings muli ETC2 fallback, ndipo mukasankha 16-bit memore imatsika ndi theka, ngakhale mitundu imaoneka ya mizeremizere pang'ono pa thambo. Chithunzi chilichonse chisapitirire 4096 mbali imodzi, chifukwa ndi pamene Mali-400 imalekezera.

Ngati foni zimenezi mukuzifunadi, ndipo ine ndikuona kuti muyenera kuzifuna chifukwa gemu yothyola tiyi osewera ake oyamba ndi ana a m'makomboni a ku Thyolo ndi kuno, musathamangire kukweza Unity. Kuyambira pa 2023.1 anachotseratu OpenGL ES 2.0, ndiye mukakwera kumeneko foni ya msuweni wanu yatsala panja, sheda ikhale yabwino chotani. Khalani pa 2021.3 pomwepo, OpenGLES2 ikhale pa mndandanda wa Graphics APIs, ndipo Color Space ikhale Gamma, popeza Linear imafuna 3.0. Mukayendetsa malamulo awiri aja, tumizani kuno zimene zatuluka pamodzi ndi gawo la `vert` la shedayo, tilembere limodzi chigawo chopepukacho.