Kusewera mpira uli pa swaumu m'kutentha kwa ku Mangochi

Funso: "Ndimasewera mpira kuno ku Mangochi ndipo ndimasala m'mwezi wa Ramadhan. Timu yathu imachita tireningi kuyambira 3 koloko mpaka 5 koloko madzulo. Pa dakwi, chakudya cha m'bandakucha, ndimamwa madzi okwana malita awiri, koma pofika pabwalo mutu umakhala ukuwawa, miyendo imakokana, ndipo ndimafooka msanga. Ndimalemera makilogalamu 70. Ndionjezere madzi a pa dakwi kapena ndingosiya kaye tireningi?"

Achimwene, musaonjezere madzi a pa dakwi, ndipo tireningi musasiye. Chofunika kusintha ndi nthawi imene mukuchita ntchito yolemetsa. Thupi silisunga madzi oti lidzagwiritse ntchito masana. Mukamwa malita awiri nthawi imodzi, makamaka madzi okhaokha opanda chakudya cha mchere, impso zimaona kuti achuluka n'kuyamba kuwataya. Nokha mukudziwa maulendo amene mumapita kukataya madzi pakati pa Subuhi ndi 8 koloko m'mawa. Ambiri mwa malita awiri aja amathera pamenepo, ndipo pofika 3 koloko mumakhala mwatha maola oposa khumi osamwa kanthu.

Ndiye onjezerani nyengo. Ramadhan imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndipo zaka zino ikugwa m'miyezi ya dzinja. Anthu amaganiza kuti choopsa ndi dzuwa la Okutobala lokha, koma chinyontho cha m'mphepete mwa nyanja m'nyengo ya mvula chili ndi vuto lakelake. Thukuta limaziziritsa thupi pokhapokha likamauma pakhungu. Mpweya ukakhala wachinyezi, thukuta limangoyenderera n'kumadontha pansi, madzi mwataya koma thupi silinazizire. Ndiye thupi limatulutsa thukuta lina, magazi amachepa m'mitsempha, ndipo mtima umagunda mofulumira kuti ugawe magazi ochepawo pakati pa minofu ndi khungu. Kufooka msanga kumene mukunenako kukuchokera pamenepa, si kuti mwasiya kulimba.

Musanasinthe chilichonse, pezani sikelo, ngakhale ija ya anyamata oyeza anthu pamsika, bola ikhale imodzimodzi nthawi zonse. Dziyezeni katatu tsiku limodzi: m'mawa mutataya madzi, musanayambe tireningi, ndi mutangomaliza mutavula jezi yonyowayo n'kudzipukuta. Kilogalamu imodzi imene yachoka m'maola ochepa chonchi ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi. Tiyerekeze kuti m'mawa muli 70, pofika 3 koloko muli 69 chifukwa cha kuyenda ndi ntchito za masana, ndipo pomaliza maola awiri a mpira muli 67.2. Zimenezi sizodabwitsa, chifukwa wosewera mpira pamalo otentha amatha kutaya lita imodzi kapena awiri pa ola. Mwataya makilogalamu 2.8, omwe ndi 4 pa 100 alionse a kulemera kwanu. Odziwa za masewera amati munthu akadutsa 2 pa 100, mphamvu zothamangira nthawi yaitali zimayamba kutsika, makamaka kukatentha. Kwa inu malirewo ndi makilogalamu 1.4, ndiye kuti mumalowa m'bwalo mutatsala pang'ono kuwafika, mpira usanagundidwe n'komwe.

Chovuta kwambiri chili pa kubweza. Kuti madzi otayika abwerere, munthu amafunika kumwa oposa amene anataya, pafupifupi lita imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse, popeza ena amatuluka ngati mkodzo. Pa 2.8 paja ndi malita 4.2. Kuchokera pa Magharibi, cha m'ma 6 koloko, kufika pa dakwi, cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, pali maola khumi, ndipo ambiri mwa iwo mukuyenera kugona. Malita anayi sakwana bwinobwino m'menemo popanda kudzimbidwa ndi kudzuka usiku wonse. Choncho tsiku lotsatira mumayamba muli ndi ngongole ya dzulo, ndipo ngongoleyo imakula sabata ikamapita. N'chifukwa chake ambiri amadandaula kwambiri pa tsiku lachitatu kapena lachinayi la tireningi yotsatizana kusiyana ndi loyamba.

Njira yake ndi kugawa tireningi pawiri. Ya masana ikhale yopepuka ndipo iyandikire nthawi yomasula. Kambiranani ndi a kochi kuti inu ndi anzanu osala muzilowa cha m'ma 5 koloko, kwa mphindi 40 kapena 45, kuti muzimaliza patatsala kanthawi kochepa adhana ya Magharibi isanamveke. Nthawi imeneyo dzuwa lapepa, ndipo madzi amene mwataya muwabweza posachedwa. Muzichita zopatsirana mpira, kaimidwe ka timu, makona ndi mafirikiki, osati kuzungulira bwalo mothamanga kapena timasewero ta anthu anayi mbali iliyonse tija tosapumitsa. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati mukutha kulankhula chiganizo chathunthu mukuthamanga, muli pabwino. Mukayamba kutulutsa mawu awiriawiri mukupuma wefuwefu, mwapyola. Tireningi yotere ingakuchotseni mwina theka la kilogalamu kapena kuposerapo pang'ono, ndipo tsiku lonse mumatha mutataya pafupifupi 1.7 m'malo mwa 2.8. Kubweza kwake ndi malita awiri ndi theka, zomwe n'zotheka.

Ngati a kochi akana kusuntha nthawi, poti timu ili ndi ena osasala, pemphani kuti muzichita theka loyamba lokha la zaluso, muzipuma pamthunzi mphindi 15 zilizonse, n'kumadzithira madzi kumutu, m'khosi ndi m'mikono. Kunyowetsa thupi kunja sikubweza madzi a m'kati, koma kumachepetsa thukuta limene thupi likanatulutsa.

Ntchito yolemetsa, monga kuthamanga mwaliwiro mobwerezabwereza, ipite usiku pamene botolo la madzi lili pafupi. Kawiri pa sabata n'kokwanira, ndipo siyenera kutalika. Mphindi khumi zotenthetsa thupi, kenaka kuthamanga mwamphamvu masekondi 30 n'kuyenda masekondi 90, kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu, basi mwamaliza m'theka la ola. Kulimba kumene munali nako kumasungika kwa milungu ingapo ngati mwachepetsa kuchuluka kwa tireningi koma mwasiyako pang'ono ya liwiro. Mwezi uno cholinga ndi kusunga, osati kuonjezera. Ndikudziwa kuti mabwalo athu alibe magetsi, ndiye pezani malo osalala amene mumawadziwa bwino ndipo pali kuwala, mupite awiri kapena atatu, chifukwa kubinya bondo m'dzenje mumdima kungakuchotseni m'timu nthawi yaitali kuposa swaumu. Nthawi yabwino ndi pambuyo pa mapemphero a usiku a Tarawehe, malinga ngati pomasula simunakhute kwambiri.

Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa. Akangomva adhana amagwira nsima yambiri ndi chambo, tiyi ndi mandasi, kenaka mimba yadzaza ndipo madzi alibe polowa. Pa usiku wa tireningi masulani ndi tende kapena nthochi ndi madzi okwana theka la lita, mupemphere, kenaka mudye chopepuka monga futali wa mbatata kapena phala la mpunga. Chakudya chachikulu chidikire mukamaliza kuthamanga. Madzi muzimwa kapu imodzi yaikulu mphindi 20 kapena 30 zilizonse kufikira pogona, m'malo mogugudiza jagi yonse kamodzi. Mwa malita awiri ndi theka aja, pafupifupi awiri alowe usiku, ndipo otsalawo, theka la lita kapena kuposerapo pang'ono, pa dakwi pamodzi ndi chakudya. Usiku umene mwathamanga muonjezere theka la lita lina.

Za kukokana kwa miyendo, mchere uli ndi mbali yake, ngakhale kutopa kwa minofu nakonso kumachititsa. Thukuta limatuluka ndi mchere, ndipo ngati jezi yanu ikauma imasiya mizere yoyera, ndinu mmodzi wa otaya wambiri. Mchere ndi umene umathandiza thupi kugwira madzi amene mwamwa. Tsiku limene sikelo yaonetsa kuti mwataya kwambiri, lita imodzi mwa madzi a usikuwo ikhale ya Thanzi ORS, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi aukhondo. Ikasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi. Masiku ena onse mchere wa m'ndiwo, usipa ndi mtedza ukukwanira. Amene ali ndi BP kapena shuga asatsatire zimenezi asanaonane ndi adokotala, makamaka omwa mapiritsi a BP okodzetsa kapena obaya insulini, chifukwa kwa iwo kusala pamodzi ndi kuthamanga padzuwa ndi nkhani ina.

Mudzafunsa za m'mawa, poti kumakhala kozizira. Kuyenda ndawala kapena kuthamanga pang'onopang'ono mphindi 20 pambuyo pa Subuhi palibe vuto. Koma tireningi yolemetsa nthawi imeneyo ndiyo yoipa kuposa zonse kwa wosala, chifukwa mumataya lita yathunthu kutangocha n'kukhala maola 12 osabweza, minofu nayo osalandira chakudya.

Kuti mudziwe ngati dongosololi likugwira, yang'anani zinthu ziwiri m'mawa uliwonse. Kulemera kwanu kuzibwerera pafupi ndi 70. Kukamatsika tsiku ndi tsiku, 69.5, kenaka 69, kenaka 68.4 m'masiku atatu okha, si mafuta amene akuchoka, ndi madzi, ndipo tsiku limenelo mupume. Chachiwiri ndi mkodzo: ukhale wachikasu chopepuka. Ukakhala wochepa ndi wachikasu chakuda m'mawa, usiku simunabweze mokwanira. Ukafika pooneka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, minofu ikuwawa kwambiri, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kungakhale kuonongeka kwa minofu kumene kumapweteka impso. Pa chifukwa chomwechi, musazolowere kumeza bufeni kapena dikolofenaki pomasula kuti mutu usiye. Mankhwala amenewa amalemetsa impso za munthu amene madzi amuthera. Mutu wa kusowa madzi umapepuka pakapita ola limodzi kapena awiri mutamwa ndi kudya. Ukapitirira mpaka m'mawa, thupi likutentha kapena kuzizidwa, kayezetseni malungo, poti ino ndi nyengo yake ndipo kuno kunyanja udzudzu sugona.

Pabwalo, chizungulire, nseru, kuona mdima kapena tsembwe m'thupi padzuwa ndi chizindikiro chosiyira pomwepo n'kupita pamthunzi. Choopsa zedi ndi pamene mnzanu wayamba kubwebweta, kudzandira, kupsa mtima popanda chifukwa kapena wagwa osadziwa pamene ali. Musanyengedwe poona kuti akutulukabe thukuta. Muvuleni jezi, mumukhuthulire madzi ambiri thupi lonse mosalekeza uku mukumukupiza, ndipo kuziziritsako kuyambe musanapeze galimoto n'kupitirira m'njira yonse. Ngati akutha kumeza bwino mupatseni madzi, ngati sakudziwa kanthu musamuthire chilichonse m'kamwa. Pa za chipembedzo ma sheikh ndi amene angalongosole bwino, koma Qur'an mu Surat Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, imalola wodwala kumasula n'kudzabweza masikuwo, choncho pasakhale wokakamiza munthu wofika pamenepa kudikira Magharibi.

Pa tsiku la gemu yeniyeni ya 2:30 masana, dzulo lake musachite tireningi ya usiku, mubweze madzi mpaka sikelo ifike pa 70, ndipo m'mawa wonse mukhale pamthunzi. Ngati a kochi angavomere, kulowa chigawo chachiwiri kuli bwino kuposa kuyamba, chifukwa mumasewera dzuwa litapendeka ndipo pomaliza pamatsala maola osakwana awiri kuti mumasule.