Kamfuno ndi msambo wochuluka, koma akuti magazi ali bwino

"Mwana wanga wa zaka 15 amatuluka kamfuno pafupipafupi, ndipo akakhala kumwezi amatha masiku 9. Kuchipatala anamuyeza nati magazi ali bwinobwino. Inenso ndinkatero pa utsikana wanga. Chingakhale chiyani?"

Mayi, mawu anu omalizawo ndi amene andigwira mtima, chifukwa vuto la kumtundu lotaya magazi lomwe limapezeka kwambiri limayenda chomwecho, kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, wamkazi kapena wamwamuna. Amalitcha matenda a von Willebrand, dzina la dokotala wa ku Finland amene analifotokoza mu 1926. Mtsikana amene iye anayamba kumuona anadzamwalira ndi msambo ali ndi zaka 14, n'chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga mopepuka, ngakhale ambiri vuto lawo limakhala laling'ono.

M'magazi muli tizigawo totseka bala, mapulatileti. Kuti timamatire pamene mtsempha wang'ambika pamafunika puloteni ina yogwira ntchito ngati ulimbo. Kwa odwalawa tizigawoto timakhalapo tokwanira, koma ulimbowo ndi umene umachepa kapena kufooka. Choncho makina owerenga magazi, zimene papepala amalemba FBC, angaonetse kuti zonse zili bwino mwana akutayabe magazi. Ngakhale PT ndi aPTT, zoyeza nthawi imene magazi amatenga kuti aundane, kawirikawiri sizisonyeza kanthu.

Pobwerera kuchipatala mutenge mbiri yolemba. Kodi kamfuno amapitirira mphindi 10 mutatsina mphuno? Padi amasintha ola lililonse kapena awiri, ndipo mumakhala mibulu? Atazulidwa dzino zinatha bwanji, nanga inu pochira munataya magazi ochuluka motani? Dokotala amayambira pamenepa. Kenaka pemphani akutumizeni kwa dokotala wa za magazi kuchipatala chachikulu, akayeze zinthu zitatu: kuchuluka kwa puloteniyo (VWF:Ag), mphamvu yake yomata, ndi FVIII, puloteni ina yothandiza magazi kuundana imene puloteniyo imanyamula.

Apa ndi pamene ambiri amasochera. Puloteniyi imakwera munthu akachita mantha, akathamanga, akadwala, akakhala woyembekezera kapena akamamwa mapiritsi olera okhala ndi esitirojeni. Tiyerekeze mwana wanu wamuyeza akunjenjemera ndi jakisoni, chimfine chili m'thupi, n'kupeza 55. Pepala liti ali bwino, poti malire ndi 50. Kumuyezanso patapita milungu ingapo ali wodekha, mwina apeza 28, ndipo kutsika pansi pa 30 kumatsimikiza matendawa. Pakati pa 30 ndi 50 dokotala amayang'ana mbiri ya kutaya magazi ija. Kuyeza kamodzi kokha musakhutire nako, ndipo muwauze gulu lake la magazi, chifukwa a gulu O mwachibadwa amakhala nayo yocheperapo.

Podikira, asamwe asipirini kapena bulufeni pa ululu wa msambo, zimaonjezera kutaya magazi. Panado alibe vutoli. Amuyezenso ayironi, chifukwa masiku 9 mwezi ndi mwezi amamaliza magazi m'thupi mwakachetechete. Akayamba chizungulire, phuma kapena kuyera m'manja, thamangani naye tsiku lomwelo.