Pasipoti ikutha mu Novembala, masamba atsala pang'ono: andikweza ndege ya ku Joni?

"Abale ndithandizeni. Ndili ku Limbuli, ndimachita geni yodutsa pa Muloza kupita ku Milanje. Ndikufuna kukaona mwana wanga ku Joni pa ndege, kunyamuka pa 10 Ogasiti, kubwerako pa 24 Ogasiti. Pasipoti ikutha pa 20 Novembala, ndipo tsamba lopanda chidindo latsala limodzi, lina lili ndi kampata pang'ono. Ena akuti pamafunika miyezi 6. Andilola kukwera?"

Achemwali, masikuwo ali bwino, asakuopsezeni. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi masambawo, ndipo ndikupempheni musagule kaye tikiti mpaka nkhani imeneyi mutaikonza. Ine kwathu ndi ku Luchenza, ndipo ntchito yanga ndi yogulitsa matikiti a ndege ku Blantyre, kotero anthu obwezedwa pa Chileka ndimawaona akabwera ku ofesi ndi zikwama zawo, maso ali gwa.

Tiyambe ndi masiku. Nkhani ya miyezi 6 ndi yoona, koma si ya dziko lililonse. Dziko lililonse limaika lamulo lake. La ku Joni likuti pasipoti ikhale ikugwirabe ntchito kwa masiku osachepera 30 kuchokera tsiku limene mukutuluka m'dzikomo. Taonani bwino pamenepa: amawerenga kuyambira tsiku lotuluka, osati lolowa. Inu mukutuluka pa 24 Ogasiti. Tikaonjezera masiku 30 tikufika pa 23 Seputembala. Yanu ikutha pa 20 Novembala, ndiye mwapitirira ndi pafupifupi miyezi iwiri. Komanso Mmalawi wa pasipoti wamba amalowa ku Joni popanda viza ngati ulendo wake sukupyola masiku 30, ndipo wanuwu ndi wa milungu iwiri yokha.

Amene akukuuzani za miyezi 6 mwina anapitako ku Dubai, ku Tanzania kapena ku Kenya. Kumeneko amafunadi miyezi 6 kuchokera tsiku lofika. Pasipoti yanu yomweyi mutati mupite nayo ku Dubai pa 10 Ogasiti, ikanafunika kuti ikhale yamoyo mpaka pa 10 Febuluwale chaka chamawa, ndipo sakanakukwezani ngakhale mutati mukungokagonako masiku atatu. Angakubwezereni pa Chileka pomwepa, chifukwa amayang'ana kumene ulendo ukuthera, ndi kumene mukusinthira ndege komwe, osati kumene ndege yoyambayo ikutera kokha.

Tsopano masamba. Zidindo za pa Muloza ndi za tsidya la Milanje zimadya pasipoti mwachangu. Ulendo umodzi wopita ndi kubwera ndi zidindo zinayi: kutuluka ku Malawi, kulowa ku Mozambiki, kutuluka, kulowanso kuno. Wodindayo akakhala pa changu amangotsegula paliponse n'kumenya pakati penipeni pa tsamba loyera, tsamba lonse lija lapita ndi chidindo chimodzi. Kwa a ndege tsamba losagwiritsidwa ntchito ndi loyera mbee, lopanda ngakhale kachidindo ka pakona. Choncho lanu la kampata lija musaliwerengere. Muli ndi tsamba limodzi basi, ndipo tsamba ndi mbali imodzi ya pepala, osati pepala lonse.

Apa ndi pamene pali chisokonezo, ndipo ndinene mosabisa. Zolemba zina za boma la ku Joni zimatchula tsamba limodzi loyera ngati lochepetsetsa, koma makampani ambiri a ndege ndi maofesi a akazembe amalangiza masamba awiri, ena mpaka amati akhale oyang'anizana. Ndiye ndi tsamba limodzi mukhoza kudutsa, mukhozanso kubwezedwa, malinga ndi zimene wa pa kauntala awerenge tsiku limenelo. Palinso china chimene anthu amaiwala. Mukachoka pa kauntala mumapita kwa a Imigireshoni athu kuti akudindireni chotulukira. Akachimenya pa tsamba lanu loyera lija, mukatera ku Joni mulibe ngakhale limodzi. Ngati mwalimba mtima kuyenda nayo choncho, mutsegule nokha pa tsamba la kampata lija ndi kupempha mwaulemu kuti adinde pomwepo.

Mwina mukudabwa kuti a ndege zikuwakhudza bwanji, poti iwo si a Imigireshoni. Ndege ikatengera munthu kudziko lina iye n'kukanizidwa kulowa, kampaniyo imakakamizidwa kumubweza ndi ndalama zake, ndipo nthawi zambiri imalipitsidwanso chindapusa. N'chifukwa chake amakhwimitsa. Pa kompyuta yawo pali ndondomeko yotchedwa Timatic, ya bungwe la makampani a ndege la IATA. Amalowetsamo dziko la pasipoti yanu, kumene mukupita, kumene mukudutsira ndi tsiku lothera pasipoti, iyo n'kuwauza zofunika. Masambawo ndiye amatsegula ndi manja, limodzilimodzi. Zikapanda kukwanira, kudandaula kuti mwadzuka 3 koloko m'bandakucha kuchokera ku Limbuli sikusintha kanthu, chifukwa akakulekererani mlandu umagwera iye wa pa kauntalayo. Chowawa kwambiri n'chakuti munthu wobwezedwa chifukwa cha mapepala ake amatengedwa kuti vuto ndi lake. Matikiti otsika mtengo ambiri sabweza ndalama, ndipo kusintha tsiku kumafuna kuti mulipirenso.

Ndikanakhala inu, ndikanapita ku Imigireshoni ku Blantyre panopa kukayamba za pasipoti yatsopano, tikiti n'kugula itatuluka m'manja. Si chifukwa cha ulendo uwu wokha. Pasipoti imeneyi yatsala ndi miyezi yowerengeka, ndipo mukabwerako ku Joni masamba adzakhala atatheratu, geni yanu ya ku Milanje n'kuima. Pofunsira, mufunse za ya masamba 48 m'malo mwa ya 36, poti inu mumadutsa pa boda pafupipafupi. Nthawi yodikira imasinthasintha, ndiye musadalire zoti mnzanu anaitenga msanga chaka chatha. Ndipo pakati pano, ngati mungathe, musadutsenso nayo pa Muloza, kuopa kuti tsamba lotsalalo lingadindidwe.

Ngati ulendowu sungadikire, mwina mwanayo akudwala, pitani ndi pasipotiyo ku ofesi ya kampani imene mukufuna kukwera, osati kwa wogulitsa tikiti wa pa foni yekha. Aione ndi maso, awerenge masamba, ayang'ane mu Timatic, ndipo muwapemphe akulembereni yankho lawo pa imelo kapena pa pepala. Pepalalo silimanga manja a Imigireshoni a ku Joni, koma likuthandizani pa kauntala. Muli ndi foni ya intaneti mukhozanso kudzionera nokha pa IATA Travel Centre, n'zaulere.

Muiyang'anenso bwino pasipotiyo ngati ili yathunthu. Ndi mvula ya kwathu kuno, ambiri amaisunga m'chikwama cha geni, n'kunyowa, zidindo n'kusungunuka, tsamba la chithunzi n'kuyamba kumatuka m'mphepete. Yotero akhoza kuikana ngakhale masiku ndi masamba zili bwino. Tikiti ikhale yopita ndi kubwera, chifukwa tsiku lobwerera ndi limene amawerengera masiku 30 aja, ndipo dzina pa tikiti lilembedwe ndendende ngati mmene lilili m'pasipoti. Mukagula tikiti ndi nambala ya pasipoti yakale kenako yatsopano n'kutuluka, auzeni a ndege asinthe nambalayo tsiku la ulendo lisanafike.