Kodi تفاعل ndi فاعل zonse ndi "-ana"?

"Pomasulira Chiarabu, kaataba ndi takaataba ndimangolemba kuti analemberana. Aphunzitsi akuti ndikulakwitsa. Zikusiyana pati?"

Achimwene, aphunzitsi anuwo akunena zoona, ndipo mungazione nokha mukayang'ana amene akuchita ntchitoyo. Tsinde ndi k-t-b, ndipo kataba (كتب) ndi "analemba". Mukatalikitsa a woyambayo kukhala kaataba (كاتب), wochita amakhalabe mmodzi, koma ntchito yake yalunjika kwa mnzake. Kaataba Zaydun Amran ndi "Zaidi analembera Amuru makalata". Mwina Amuru ankayankha, komabe chiganizocho chaima pa Zaidi.

Tsopano ikani ta- kutsogolo, takaataba (تكاتب). Apa onse awiri asanduka ochita: takaataba Zaydun wa Amrun, "Zaidi ndi Amuru analemberana". Pamenepa mpamene "-ana" wathu amakwana bwinobwino. Chizindikiro chake nchakuti dzina lachiwiri lija silikutheranso ndi -an, koma lalumikizidwa ndi wa, lomwe ndi "ndi".

Chomwe chimandidetsa nkhawa nchakuti ophunzira ambiri amaloweza kuti mtundu wa mawu onga takaataba wotchedwa tafaa'ala ndi "-ana" basi. Ayi ndithu. Wochita akakhala mmodzi, kawirikawiri limanena za kunamizira. Marida (مرض) ndi "anadwala", koma tamaarada (تمارض) ndi "anadzidwalitsa", ngati mwana amene wafunda bulangete m'mawa pothawa sukulu. Mukalemba "anadwalitsana" mwapotoza nkhani yonse.

Nalonso saafara (سافر), ngakhale lili ndi a wautali, ndi "anapita pa ulendo" chabe, palibe mnzake amene akumuchitira kanthu.