Zingwe zinachoka m'ndege, nanga mwana wanu aphunzire chiyani?

Funso: Ndine makaniko wa galimoto, ndipo mwana wanga wamkazi amene walemba MSCE akufuna kuphunzira kukonza ndege. Ndamva kuti ndege za masiku ano zilibe zingwe, kuti kompyuta ndiyo imawongolera ndipo singalole woyendetsa kulakwitsa. Kodi ntchito ya manja ikadalipo?

Bambo, ntchitoyo ikadalipo, koma yasintha, ndipo kuti mumuthandize mwanayo kusankha bwino, ndi bwino mumvetse chimene chinalowa m'malo mwa zingwezo.

Pa ndege yakale, woyendetsa akakoka chiwongolero, zingwe zachitsulo zodutsa pa timawilo pansi pa mipando zinkakoka zitseko, kutanthauza zigawo zosuntha za kumchira ndi kumapiko, monga momwe chingwe cha handibuleki chimagwirira pa galimoto. Ndege zitakula, mphepo yokankha zitsekozo inaposa mphamvu ya mkono wa munthu, choncho chingwe chinayamba kungotsegula valavu, ndipo mafuta a hayidiroliki ndi amene ankakankha. Boeing 737, yomwe timaiona ikutera pa Kamuzu ndi pa Chileka, imagwirabe ntchito motere mpaka lero. Vuto la zingwe ndi loti n'zolemera, zimatha pamene zikukhula timawilo, kulimba kwake kumasintha ndi kutentha, ndipo zimafikitsa kuphiko chilichonse chimene dzanja lalamula, chabwino kapena choopsa.

Ndege ya Concorde, yomwe inauluka koyamba mu 1969, inkatumiza kale malamulo ake pa waya wa magetsi, ndipo mu 1972 bungwe la NASA linaulutsa ndege ya F-8 pogwiritsa ntchito kompyuta ya m'chombo chopita kumwezi cha Apollo. Koma imene inasintha ntchito ya amakaniko ndi Airbus A320, yomwe inayamba kunyamula anthu mu 1988. Woyendetsa wake ali ndi kandodo m'mbali mwa mpando, ndipo kandodoko sikalumikizidwa ndi phiko mwachindunji. Kamatumiza uthenga wa magetsi ku makompyuta, awiri otchedwa ELAC ndi atatu otchedwa SEC, ndipo iwowo ndi amene amalamula mapisitoni a hayidiroliki. Mizere ya hayidiroliki ilipo itatu yosadalirana, wobiriwira, wabuluu ndi wachikasu. Choncho mapampu, mapaipi ndi mafuta odontha zikadalipo, ndipo izi inu mukuzidziwa bwino.

Chachilendo ndi tanthauzo la uthengawo. Woyendetsa akapendeketsa kandodo kumanzere, sakunena kuti chitseko cha phiko chitseguke mwakuti, koma akupempha kuti ndege ipendekeke pa liwiro lakuti, ndipo kompyuta imasankha yokha kuti zitseko zisunthe bwanji. Popeza pempho lililonse limadutsa mwa kompyuta, iyo ikhoza kukana limene lingatulutse ndege m'malire amene inapangidwira. Ichi ndicho chitetezo chimene mwamva. Pa A320, zonse zikakhala bwino, ndege singapendekeke kupyola madigiri 67, ndipo woyendetsa akasiya kandodo itapyola 33, imabwerera yokha pa 33. Mphuno singakwere kupyola madigiri 30 kapena kutsika kupyola 15, komanso kukoka mwamphamvu sikungalemetse mapiko kupyola kawiri ndi theka kulemera kwa ndegeyo.

Chitetezo chachikulu pa zonse ndi cha kutukuka kwa phiko. Phiko limanyamula ndege pokhapokha mphepo ikamayenda mosalala pamwamba pake. Likatukuka kwambiri poyang'anizana ndi mphepo, mphepoyo imasweka, mphamvu yonyamula imachepa mwadzidzidzi, ndipo ndege imagwa ngakhale mainjini akulira. Pa A320 woyendetsa akhoza kukokera kandodo kumbuyo mpaka pothera, monga pothawa phiri, ndipo kompyuta imaika phiko pafupi ndi malirewo osawadutsa. Liwiro likatsika kwambiri, imawonjezeranso yokha moto wa mainjini, ndipo pa sikirini pamaoneka mawu akuti A.FLOOR. Kampani ya Boeing, pa ndege yake ya 777 ya mu 1995, inasankha njira ina: chiwongolero chimalimba malire akayandikira, koma woyendetsa akaumirira ndi mphamvu amawadutsa.

Pamene ndikusiyana ndi amene anakuuzani ndi pa mawu oti kompyuta singalole woyendetsa kulakwitsa. Kompyuta siona mphepo. Imadalira timapaipi ta Pitot toyezera liwiro ndi timbendera tachitsulo toyezera kutukuka kwa phiko, zomwe zili panja pa ndege, pamvula ndi pachisanu. Zoyezerazi zikasemphana, kompyuta siidziwa kuti ikhulupirire chiti, choncho imachotsa chitetezo china n'kubwezera udindo kwa munthu, ndipo pa sikirini pamalembedwa F/CTL ALTN LAW.

Izi ndi zimene zinachitika usiku wa pa 1 Juni 2009 pa ulendo wa Air France 447, ndege ya A330 yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris. Ili pa mafiti 35,000 pamwamba pa nyanja ya Atlantic, timibulu ta madzi oundana tinatseka timapaipi ta Pitot, makina owongolera okha anazima, ndipo chitetezo cha kutukuka kwa phiko chinachoka. Kusokonekera kwa liwiroko sikunatenge ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo mainjini ndi mapiko zinali bwinobwino. Koma amene ankayendetsa anakokera kandodo kumbuyo, ndege inakwera kufika pafupifupi mafiti 38,000, liwiro linatha, ndipo phiko linasiya kunyamula. Kukoka komweko, kumene tsiku lina lililonse kompyuta ikanakuletsa pa malire, tsopano kunafika kumchira popanda chitetezo chimenecho. Chinawasokoneza kwambiri n'choti chenjezo loti phiko lasiya kunyamula linkasiya kulira liwiro loyezedwa likatsika pansi pa manoti 60, omwe ndi pafupifupi makilomita 110 pa ola, chifukwa kompyuta inkaona ngati manambalawo ndi olakwika, ndipo linkayambanso iwo akatsitsa mphuno, chomwe chinali chinthu choyenera kuchita. Ndegeyo inagwa kwa mphindi pafupifupi zitatu ndi theka, ndipo anthu onse 228 anamwalira.

Kwa ine, ngoziyi ikusonyeza pamene pagona ntchito ya mwana wanu. Kapaipi kotsekeka, hita yake yakufa kapena pulagi yochita dzimbiri zikhoza kuchotsa chitetezo chonsecho, ndipo amene amazipeza ndege ili pansi ndi makaniko. Iye amayamba ndi kuwerenga zolakwika zimene kompyuta yasunga pa ulendo, kenako amayeza mawaya ndi kupopera mpweya m'timapaipi kuti aone ngati liwiro loonekera kwa oyendetsa onse awiri likugwirizana, asanathamangire kusintha bokosi lodula.

Pansi pa malamulo a ku Ulaya otchedwa Part-66, omwe mayiko ambiri amatengerako, laisensi ya B1 ndi ya thupi la ndege, mainjini ndi hayidiroliki, pomwe ya B2 ndi ya magetsi, makompyuta ndi zoyezera. Ngati mwanayo amakonda masamu ndi fizikisi, makamaka gawo la magetsi, ndipo amadekha pofufuza cholakwika chosaoneka ndi maso, ndingamulangize B2. Chingerezi chake chikhale cholimba, chifukwa mabuku okonzera ndege amalembedwa m'chinenerocho ndipo amatsatidwa mzere ndi mzere. Musanalipire fizi kusukulu iliyonse, funsani ngati ndi yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira za ndege la dziko limene ili, ngati mayeso ake amafikitsa ku laisensi, komanso kuti ophunzira ake amakagwira kuti ntchito pa ndege zenizeni, popeza laisensi siperekedwa popanda zaka zogwira ntchito moyang'aniridwa.