Chingwe chimodzi cha mapulagi awiri sichikhala zingwe ziwiri

"Ndagula khadi ya zithunzi ya RTX 3080 yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ili ndi mabowo awiri a mapini 8. Pawa sapulayi yanga ili ndi chingwe chimodzi chokhala ndi mapulagi awiri kumapeto. Kodi ndilumikize onse awiri? Pali chingwe chinanso cha mapini 8 chimene chikukana kulowa, kodi ndichikankhe mwamphamvu?"

Funso lanu landikumbutsa fungo limene sindidzaliiwala. Tsiku lina usiku ndinkakonza kanema wa ukwati pa kompyuta yanga, ndipo sikirini inazima kawiri konse mafani akupitiriza kuzungulira. Ndinkaganiza kuti vuto linali pulogalamu, mpaka pamene ndinamva fungo la pulasitiki wopserera. Nditazimitsa makinawo n'kuzula chingwe cha khadi, ndinapeza kuti pulagi yolowa mu pawa sapulayi yachita matuza, pulasitiki wozungulira mapini awiri wasungunuka, ndipo zitsulo zake zada bii. Ndinali nditalumikiza khadiyo ndi chingwe chimodzi cha mapulagi awiri kwa miyezi yambiri, ndipo chinkagwira ntchito bwinobwino mpaka usiku umenewo.

Masamu ake ndinawamvetsa pambuyo pake. Khadi imalandira mawati osapitirira 75 kudzera m'mpata wa PCIe pa madabodi, pulagi ya mapini 6 inakonzedwa kuti izipereka mawati 75, ndipo ya mapini 8 izipereka 150. Khadi yanuyo imadya pafupifupi mawati 320, choncho pafupifupi 250 ayenera kudutsa m'zingwe. Tikagawa 250 ndi mavoti 12 tipeza maampu pafupifupi 21. Mu pulagi ya mapini 8 muli mawaya atatu okha onyamula mavoti 12, ndipo pa chingwe cha mapulagi awiri, pulagi yachiwiri imangoyamwa kuchokera pa yoyamba. Zikatero waya aliyense amasenza maampu 7, pomene mukadagwiritsa ntchito zingwe ziwiri zosiyana akadasenza 3.5 okha. Kutentha kumakula mofulumira kuposa mphamvuyo, chifukwa maampu akawirikiza kawiri, kutentha kwa pamalo olumikizirana kumawirikiza kanayi. Pini imodzi ikangokhwepa pang'ono, zinzake zimasenza katundu wake, ndipo pamenepo ndi pamene pulasitiki amayambira kufewa.

Ena amanena kuti pawa sapulayi yabwino imakhala ndi mawaya okhuthala okhoza kupirira zimenezi, ndipo nthawi zina amanena zoona. Koma inu simungaone kukhuthala kwa waya kapena kulimba kwa pini mkati mwa pulasitiki, makamaka pa zipangizo zimene zadutsa m'manja mwa anthu ena. Pa khadi yodya mawati oposa 300 ine ndimakana ndithu, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti "bola yayaka" asakunamizeni, chifukwa yanganso inkayaka.

Chingwe chokana kulowacho chisiyeni, ndipo muwerenge zimene zalembedwa pa pulagi yake. Ndikukhulupirira kuti mupeza mawu akuti CPU. Chimenecho ndi cha purosesa, ndipo kawirikawiri chimagawika mapini 4 ndi 4, pamene cha khadi chimagawika 6 ndi 2. Mabowo ena ndi a makona anayi ndipo ena ndi osongoka m'makona mwadala, kuti ziwirizi zisalowane, popeza mbali imene china chimaika mavoti 12 chinzakecho chimaikako waya wobwezera magetsi. Mukachikakamiza mpaka kulowa, mwina pawa sapulayi idzizimitsa yokha, mwinanso khadi ipsa nthawi yomweyo. N'chimodzimodzinso ndi zingwe zozuka za pawa sapulayi ya mtundu wina, zimene zimatha kulowa bwino koma mawaya ake atasanjidwa mosiyana.

Za maadaputa

Adaputa yochoka ku SATA, pulagi yopereka magetsi ku madisiki, kupita ku mapini 8 musaiyandikire. Pulagi ya SATA inakonzedwa kuti izinyamula mawati 54 okha pa mavoti 12, pamene khadi ikaona mapini 8 imadziwa kuti yaloledwa kukoka 150. Ngakhale pulagi ya 12VHPWR, yonyamula mpaka mawati 600, inasungunuka pa makhadi ena a RTX 4090 mu 2022, makamaka pamene sinalowe mpaka kumapeto, ndipo n'chifukwa chake inakonzedwanso n'kutchedwa 12V-2x6.

Tsono chitani izi. Tengani zingwe ziwiri zolembedwa PCIe zimene zinabwera ndi pawa sapulayi yanuyo, chilichonse chilowe m'bowo lake, ndipo mapulagi otsalawo muwamange pambali. Kankhani mofatsa mpaka kapulasitiki kokolera kamveke kuti tha, kenako muunike ndi tochi kuti muone ngati sipanatsale mpata. Ngati pawa sapulayiyo ili ndi chingwe chimodzi chokha cha PCIe, gulani ina ya mawati 750, omwe ndi amene kampani ya NVIDIA inalangiza pa khadi imeneyi, ndipo khadiyo iyambe yadikira m'bokosi.