Gemu ikuzima ikangoona monita yotambalala

"Achimwene, GTA V imayenda bwinobwino pa sikirini ya laputopu yanga ya 144 Hz. Ndagula monita yotambalala ya 3440x1440, ndalumikiza ndi HDMI. Ndikatsegula gemu, sikirini imada bii, kenako gemu imazima yokha. Kodi andigulitsa monita yakufa?"

Ayi, ngati Windows ikuoneka bwino pamenepo, monitayo ndi yamoyo. Ine ndikukayikira nambala imodzi, 144 ija.

Gemu imasunga zomwe munasankha komaliza mu fayilo yake. Ikamatsegulidwa pa Fullscreen, imalanda sikirini yonse n'kupempha kukula kwa chithunzi ndi liwiro lomwe linalembedwa mu fayiloyo. Yanu ikupemphabe 144 Hz ya laputopu, pomwe monita yatsopano mwina ilibe liwiro limenelo. Gemu zina zimabwerera zokha pa 60, zina zimangogwa.

Chingwe nachonso chili ndi malire, ndipo apa m'pamene ambiri amapusitsika. Pa 3440x1440, HDMI 1.4 imathera pa 50 kapena 60 Hz, HDMI 2.0 imafika cha pa 100. Ngakhale pa katoni atalemba 144, liwiro limenelo nthawi zambiri limafuna DisplayPort. Ndiye musakhulupirire katoni. Pitani ku Settings > System > Display > Advanced display, sankhani monita yatsopanoyo, muone manambala omwe ali pa mndandanda wa liwiro. Omwe mwawapezawo ndiwo ovomerezeka pa chingwe chanu.

Tiyerekeze kuti wamkulu ndi 60. Gemu ili chitsekere, tsegulani `Documents\Rockstar Games\GTA V\settings.xml` ndi Notepad (ngati foda simukuiona, yang'anani mkati mwa OneDrive). Koperani kaye fayiloyo pambali, kenako konzani mizere iyi:

```
<ScreenWidth value="1920" />
<ScreenHeight value="1080" />
<RefreshRate value="60" />
<Windowed value="1" />
```

1920x1080 ndaisankha dala chifukwa pafupifupi monita iliyonse imailandira, ndipo 1 uja akuchititsa gemu kutseguka pa kawindo, osalanda sikirini. Ikatseguka, dziwani kuti vuto linali lomwelo. Lowani mu Graphics, kwezani Resolution kufika 3440x1440, Screen Type ikhale Windowed Borderless. Pamenepo gemu imangotsatira liwiro lomwe Windows yaika kale, moti mukachotsa monita n'kubwerera ku laputopu simuyambanso kulimbana nayo.

Ikatsegukira pa laputopu m'malo mwa monita, dinani Win+P musankhe Second screen only. Duplicate ipeweni, chifukwa imakakamiza masikirini awiri osiyana maonekedwe kugawana chithunzi chimodzi.

Ikazimabe ili pa kawindo, 144 alibe mlandu. Chotsani `settings.xml` yonse kuti gemu ipange ina, muikenso dalaivala ya khadi la zithunzi. Muonenso mafani: 3440x1440 ndi timadontho pafupifupi 5 miliyoni, pomwe 1920x1080 ndi 2 miliyoni yokha, choncho gemu yozima patatha mphindi khumi mukusewera ikuloza ku kutentha kapena kuchepa kwa memore ya khadilo.